"Pepani" wa amayi wauma m'Chingerezi, ndithandizeni

Nachisale wa ku Matawale: Anzanga nonse pa gulu pano, mwaswera bwanji? Ndabwera ndi kanthu kandisowetsa tulo. Achimwene anga amakhala ku Scotland ndipo anakwatira konko. Alamu athuwo Chichewa amangodziwa "zikomo" ndi "muli bwanji" basi. Lachiwiri lapitali bambo awo a alamuwo anatisiya. Amayi ali kumudzi ku Jali, atamva ajambula mawu pa foni ya mdzukulu wawo, mphindi zitatu, n'kunditumizira kuti ndiwaike m'Chingerezi. Akuti sakufuna zodzera mwa achimwene, akufuna uthenga ufike pa foni ya mpongozi wawo mwiniwakeyo.

Pamtima pa uthengawo ndi apa, dzina la mwana ndabisa: "Mpongozi wanga, make Uje, tamva zovuta zakugweranizo. Pepani, pepani ndithu. Ife kuno tatheratu mphamvu. Limbani mtima, musalire kwambiri mungadwale. Ndi njira ya tonse imeneyi. Mundiperekereko chipepeso kwa asewere anga. Tatumiza kangachepe, musatiseke."

Ine ndalemba chonchi: "My daughter-in-law, mother of Uje, we have heard your problems. Sorry, very sorry. Be strong and do not cry too much, you may get sick. It is the way of all of us." Ndafika pamenepo n'kuima. Palibe liwu ndalakwitsa, koma ndikawerenga sindikuwamvamo amayi. Akumveka ngati kapitawo wa kuesiteti. Chalakwika n'chiyani?

Wakabaza wa pa Mpondabwino: Pepani achemwali ndi zovutazo. Ine zachingerezi ndilibe nazo mawu, ndingokhala chete ndiphunzire.

Mlembi wa pa boma: Pepani mayi. Vuto ndi kakonzedwe ka kalata. Muyambe ndi adiresi kumanja, deti pansi pake, kenako "Dear Madam", mutu wa kalata muulembe m'zilembo zazikulu n'kuudula mzere kunsi. Potseka ndi "Yours faithfully". Mukafuna ndikutumizirani chitsanzo, ndili nazo zambiri.

Nesi wa usiku: Alembi, akupepesa maliro awa, sakufunsira ntchito.

Mlembi wa pa boma: Koma ulemu ndi womwewo.

Mnyamata wa ku Chanko: Pepani asisi. Ine ndikuona kuti gwero lake ndi loti Chingerezi chilibe ulemu wa "inu". Kale chinali nawo, ndi "thou" uja timamva m'mapemphero akale, koma anautaya. Ndiye kuti mubwezeretse ulemuwo muziika "please" kapena "kindly" paliponse pamene amayi anena "-ni". Mulembe "Kindly be strong". Komanso mugwiritse mawu akuluakulu monga "condolences" ndi "demise", amamveka aulemu.

Aphunzitsi opuma a ku Domasi: Pepani mwanawe Nachisale, mupepesenso amayi kumudziko. Ndilankhula motalikirapo, mundikhululukire, ndi matenda a ife ogwira choko.

Mnyamata wa ku Chanko walasa pamalo pake koma mankhwala walemba olakwika. N'zoona kuti vuto lalikulu lagona pa "inu". Amayi anu atanena kuti "limbani mtima", ulemu wonse unali pa ka "-ni" kakumapetoko. Munthu wamkulu, apongozi, akulankhula ndi mwana wobadwa dzulo koma akumupatsa "inu": pamenepo ndiye pali chikondi ndi ulemu wa chipongozi. Mukalemba "Be strong", ka "-ni" kagwera m'njira, chatsala ndi "limba". Mwaikamo malamulo awiri otsatizana, limba, usalire, ndiye n'chifukwa chake mukumva kapitawo.

Koma za "thou" zili chozondoka. Liwu limenelo linali "iwe", la munthu mmodzi, la mnzako kapena mwana, ndipo "you" ndiye anali "inu". Angerezi anataya "iwe" n'kutsala ndi "inu" wa aliyense, mpaka anasukuluka, lero amaitanira mfumu ndi galu yemwe. Chimatisokoneza n'choti ife m'Pemphero la Ambuye timati "dzina lanu liyeretsedwe", ndiye timayesa kuti "thy" wa m'pemphero lomwelo ndi "lanu", pomwe kwenikweni ndi "lako".

Tsono "please" sangabwezeretse ka "-ni" kaja. Iye ndi "chonde", ndipo "chonde limbani mtima" akumveka ngati mwatopa nako kulira kwake. "Kindly" ndiye woipitsitsa, ndi wa pa chitseko cha ofesi, wouza anthu kuti alipire ngongole pasanafike pa 30. M'Chingerezi ulemu wa pachibale sukhala pa mchira wa mneni ngati kwathu kuno. Umakhala pa kutembenuza chiganizo chonse, lamulo lisanduke chokhumba cha wolankhulayo. Amayi sakulamula mpongozi kuti alimbe, akumufunira mphamvu. Choncho lembani "May God give you strength", kapena "I am praying that you find strength". Tanthauzo la amayi ndi limenelo, ngakhale mawu asintha.

Mnyamata wa ku Chanko: Za "thou" ndagonja aphunzitsi, ndimaziona mozondoka zaka zonsezi. Koma "condolences" ndikuumirirabe, ndi liwu lenileni la chipepeso.

Aphunzitsi opuma a ku Domasi: Limenelo si lolakwika, baba. Kungoti ndi la munthu woima kutaliko, bwana wa kuntchito kapena mnansi wongodziwana naye pamsewu. Tilisunge, tilifuna pofika pa asewere, poti awo ndi amayi a Nachisale sanaonanepo. Koma "demise" musiyireni wolemba nyuzipepala.

Nachisale wa ku Matawale: Zikomo aphunzitsi, maso ayamba kutseguka. Nanga "pepani" uja? Ine ndimayesa kuti pamenepo pokha ndiye ndakhoza.

Aphunzitsi opuma a ku Domasi: Pamenepo ndi pomwe ambiri timagwera. "Pepani" wathu amaima yekha. Mukafika pasiwa, n'kugwada, n'kunena "pepani", mwamaliza zonse. "Sorry" woima yekha ndi wa munthu amene wakupondani phazi mumsika wa Zomba. Kuti afike pa maliro amafuna zinthu ziwiri: mwini chisoniyo atchulidwe, ndipo chomwe chachitika chitchulidwe. "I was so sorry to hear that your father has passed away."

Apa pali chinthu chimene ife chimatilemera pakamwa. Amayi anati "zovuta zakugweranizo", sanatchule imfa, sanatchule malemu, ndipo kwathu kuzungulira koteroko ndiwo ulemu. Aliyense wa kuno akamva "kwagwa zovuta" amadziwa kuti ndi maliro. Koma "problems" kwa mlamu wanuyo ndi paipi yophulika kapena galimoto yokana kulira. Akawerenga adzaona ngati apongozi ake aichepetsa imfa ya bambo ake. Kwa iwo, kunena kuti "bambo anu" ndiko kusonyeza kuti zakukhudzani. Ndiye pamene ife timabisa, inu muulule, koma ndi liwu lofewa lija la "passed away", limene ndi mnzake wa "atisiya" wathu.

Kubwereza kwa amayi, pepani, pepani ndithu, musakubwereze. Mphamvu yake muisamutsire pa chiganizo chotsatira, chija cha "tatheratu mphamvu", chomwe inu munachidumpha dala, ndakuonani.

Nachisale wa ku Matawale: Mwandigwira. Ndinayesa "we have no power" n'kuona ngati ndikunena za kuzima kwa magetsi, ndiye ndinangochotsa.

Wakabaza wa pa Mpondabwino: Kkkk pepani ndaseka pamaliro.

Aphunzitsi opuma a ku Domasi: Sekani, ngakhale pasiwa anthu amaseka usiku ukakula. Ife chisoni timachimva m'nkhongono, iwo amachiika mumtima. "Our hearts are heavy", kapena "All of us here are grieving with you". Chachiwirichi ndikuchikonda chifukwa chasunga "ife kuno" wa amayi, kuti si iwo okha, ndi mudzi wonse.

Nesi wa usiku: Ndiikepo yanga pang'ono, ngakhale si ya maliro. Tinali ndi dokotala wina wachizungu amene anagwira nafe ntchito zaka ziwiri n'kubwerera kwawo. Atatumiza chithunzi cha ukwati wake, mayi wina wothandiza mu wodi, amene ankamukonda ngati mwana wake, anandiuza kuti ndimulembere: "Mwanenepa bwanji mwana wanga, akukusungani bwino kumeneko." Ine ndi tulo tanga ta usiku ndinangolemba momwemo, kunenepa n'kukhala kunenepa. Mtsikana uja anakhala chete sabata zitatu. Nditamufotokozera anaseka, koma anaulula kuti tsiku limenelo analira. Chikhala ndinalemba kuti akuoneka wosangalala ndi wathanzi, bwenzi zonse zili bwino, ndipo ndi zomwe mayi uja ankatanthauza. Kuyambira pomwepo ndikamamasulira ndimayamba ndadzifunsa kuti wolandirayo nkhope yake ichita bwanji.

Ndiye Nachisale, "musalire kwambiri mungadwale" ameneyo muchotseni. Azungu amene ndagwira nawo ntchito amakhulupirira kuti wofedwa azilira mpaka akhute. Kumuuza kuti asalire adzamva ngati mukumuletsa kulira bambo ake. Ndi "njira ya tonse" yemwe, adzamva ngati mukuti aliyense amafa, palibe chachilendo.

Naphiri wa ku Chinamwali: Ayi nesi, pamenepo ndiye ndikukana. Ine ndine mpongozi wa eni komanso ndili ndi apongozi anga awiri. Mawu amenewo ndi a mayi wa ku Jali, si a Nachisale. Mukachotsa apa, kuchotsa apo, kuwonjezera mitima yolemera, pomaliza mtsikanayo alandira uthenga wa mzungu mnzake. Anakwatiwa ndi Mmalawi, adziwe mmene apongozi ake amalankhulira. Wotumidwa sasintha uthenga panjira. Kodi mayiwo akadzamva kuti mawu awo anadulidwa adzamva bwanji?

Nesi wa usiku: Koma amayi, mukawasiya momwemo ndiye mwasinthanso uthenga. Mayiwo atumiza chikondi, iye alandira chidzudzulo.

Naphiri wa ku Chinamwali: Ndiye mufotokozereni, osati kumubisira.

Aphunzitsi opuma a ku Domasi: Nonse awiri muli ndi mbali. Pa "musalire" ndikuona njira yapakati. Tamvetserani pomwe pali kulemera kwa chiganizocho: si pa "musalire", ndi pa "mungadwale". Mayi akuopa kuti mwana wake afooka. Zimenezo Chingerezi chili nazo: "Please look after yourself, I worry about you." Apa "please" akugwira ntchito bwino, chifukwa chopemphedwacho n'chokomera wopemphedwayo. Sitinachotse nkhawa ya amayi, tangochotsa chala cholozacho.

Pa "njira ya tonse" ndilibe yankho lokhutiritsa. Kwa ife ndi mawu olimbitsa, akuti simuli nokha, nafenso tikubwera komweko. Mukhoza kuyesa "It is a road we all walk, and you are not walking it alone", koma theka lachiwirilo amayi sananene, ndaika ndine kuti loyambalo lisaume. Naphiri akhoza kundigwira pamenepo ndipo sindingakane.

Naphiri wa ku Chinamwali: Ndakugwiranidi aphunzitsi. Koma iyo bola, kusiyana n'kutaya.

Wakabaza wa pa Mpondabwino: Ine ndifunse mopusa. Bwanji osangotumiza mawu a amayi ajambula aja pamodzi ndi Chingerezicho? Ine pasiteji ndimanyamula azungu okwera kuphiri, sitimvana chilichonse, koma munthu akakwiya kapena akakondwa ndimamva. Mzunguyo akamva mawu a gogo akunjenjemera adziwa yekha kuti si kapitawo.

Nesi wa usiku: Funso lopusa lake liti? Mwaposa tonse achimwene.

Nachisale wa ku Matawale: Zoona, nditero. Mu mawumo muli pena amayi anaima kaye n'kupuma mozama, zimenezo sindingazilembe. Kwatsala poyambira ndi pothera. "My daughter-in-law, mother of Uje" ndikuona kuti sizikuyenda, koma amayi sanamutchulepo dzina mpongozi wawo chikwatiwire, ndipo sangayerekeze.

Aphunzitsi opuma a ku Domasi: Apa miyambo iwiri yayang'anana chamsana. Kwathu kupewa dzina ndiko kulemekeza, n'chifukwa chake timati make Uje, kapena Nachisale, kapena Che Uje kwa anzathu achiyao. Kwa iwo dzina ndilo chikondi, ndipo "daughter-in-law" ndi liwu lofotokozera munthu kwa ena, saitanira nalo. Lili ngati kulembera mkazi wako kuti "wokondedwa mnzanga wa pa mtchatho wa ukwati". Koma simukukakamizidwa kuika dzina m'kamwa mwa amayi. Lembani "My dear daughter". Dzina lapewedwa, ndipo mtsikana amene wangotaya kholo akaona apongozi akumutcha mwana wawo, ndikhulupirira zimufika pamtima. Za make Uje, mutchuleni mwanayo kumapeto pomupatsa moni, ulemu wa umayi wake ubwerera pamenepo.

Asewere alibe liwu m'Chingerezi, musavutike kufufuza m'dikishonale. Mungoti "your mother", ndipo apa ndi pomwe mnyamata wathu alandire "condolences" wake: "Please pass my condolences to your mother." Ka "-ko" ka mu "mundiperekereko" ndi kamene kasanduka "please" pamenepa, poti ili ndi pempho lenileni.

Mnyamata wa ku Chanko: Ndapezako kangachepe nanenso.

Naphiri wa ku Chinamwali: Kangachepe komweko, ndi ndalama zingati, ndipo zikafika bwanji?

Nachisale wa ku Matawale: K20,000, anagulitsa nandolo. Anandipatsa ine kuti achimwene akapereke yofanana nayo kumeneko, ine ndidzagulire amayi feteleza. Achimwene akuti ndisatchule n'komwe, akuti kumeneko sapereka ndalama pamaliro, amatumiza khadi ndi maluwa, ndipo ikasinthidwa ndi yochepa zedi.

Naphiri wa ku Chinamwali: Achimwene anuwo asatichititse manyazi. Chipepeso sachiyeza pasikelo. Mutchule.

Nesi wa usiku: Atchule, koma afotokoze kuti ndi mwambo, apo ayi banjalo lidabwa, mwinanso kubweza poganiza kuti gogo akudzimana. Ndipo "musatiseke" asalowe m'Chingerezi. Adzadzifunsa kuti ndani amafuna kuseka pamaliro.

Aphunzitsi opuma a ku Domasi: Kufotokozako kukhale kwa Nachisale, osati kwa amayi. Uthenga wa amayi ungoti "I have sent a small gift, as is our custom. It is little, but it comes with love", pamenepo "musatiseke" walowa kale. Kenako inu Nachisale mulembe kanu kapadera pansi, m'dzina lanu, konena kuti kwathu aliyense wobwera pamaliro amaponyapo kanthu, ndiponso kuti amayi satchula dzina la mpongozi chifukwa cha ulemu. Mawu a womasulira asasakanikirane ndi a mwini uthenga. Zikatero nkhawa ya Naphiri yachepako.

Mlembi wa pa boma: Nanga potseka? Poti "Yours faithfully" mwamukana.

Nesi wa usiku: "With love, Amayi." Liwu limenelo alamuwo alimva, asalisinthe.

Nachisale wa ku Matawale: Ndabweranso anzanga, papita masiku awiri. Ndinatumiza zonse zitatu, mawu ojambula, Chingerezi, ndi kanga kapansi. "Njira ya tonse" ndinaisiyamo monga anaikonzera aphunzitsi. Alamu ayankha usiku wathawu, ndipo tsopano vuto latembenuka. Ayamba ndi dzina la amayi lenileni, lopanda ngakhale "a" kutsogolo, kenako: "Thank you so much. I cried listening to your voice. It means the world to me. Mum sends her love. Love you x". Mawa ndikupita ku Jali. Ndikawawerengere bwanji? Ndikangoyamba ndi dzina lawo lija amayi adzimuka.

Naphiri wa ku Chinamwali: Dzina ayi! Limenelo lisatuluke pakamwa panu.

Nesi wa usiku: Amayi Naphiri, si inu munati wotumidwa sasintha uthenga panjira?

Naphiri wa ku Chinamwali: Zimenezo n'zina. Uko kunali kuchotsa mawu a munthu wamkulu, uku n'kuphimba mwana wosadziwa.

Aphunzitsi opuma a ku Domasi: Kkkk nesi musiyeni Naphiri. Ulendo wobwererawu ngosavuta pang'ono, chifukwa Chichewa chimakukakamizani kusankha pomwe Chingerezi sichinasankhe. "You" aliyense akhale "inu", dzina likhale "amayi". Si bodza, mtsikanayo sanafune kunyoza, kwawo apongozi ambiri amaitanidwa ndi dzina. Msampha uli pa kufupika. Uthenga wake ndi mizere iwiri, amayi anatumiza mphindi zitatu, ndipo mulibe moni, mulibe kufunsa za kumudzi. Amayi akhoza kuona ngati wawayankha mothamanga. Musapeke moni amene sanapereke, koma muyambe mwawauza ndi pakamwa panu kuti kumeneko amalemba mwachidule, ndipo kuti wayankha ali pakati pa zokonzekera maliro.

Ndikanakhala ine ndikanati: "Amayi, zikomo kwambiri, ndathokoza. Nditamva mawu anu ndinagwetsa misozi. Mwanditonthoza koposa." Dziko lija la mu "means the world" lisiyeni konko, mukalibweretsa amayi afunsa kuti dziko latani. "Mum sends her love" ndi "asewere anu akupereka moni, akuti athokoza".

Mnyamata wa ku Chanko: Aphunzitsi, "akuti athokoza" mwawonjezera. Ndipo "Love you" bwanji? "Ndimakukondani" kwa apongozi zikundimvekera zachilendo, ngati za m'filimu.

Aphunzitsi opuma a ku Domasi: Wandigwira mnyamata, chotsani "athokoza", moni yekha akwana. Za "ndimakukondani", m'badwo wathu sitinkanena kwa makolo, tinkangowagulira shuga ndi chitenje. Ine ndikanati "ndimakunyadirani amayi", kapena "ndine mwana wanu".

Nesi wa usiku: Ine ayi. Anene "ndimakukondani" momwemo. Ana a masiku ano akunena, ndipo gogoyo mwina palibe anamuuzapo chibadwire. Amve kamodzi.

Naphiri wa ku Chinamwali: Apa ndili mbali ya nesi, zachilendo.

Wakabaza wa pa Mpondabwino: Nanga ka x kakumapetoko n'kachiyani? Walakwitsa samu?

Nesi wa usiku: Ndi kupsompsona achimwene. Amaika pothera uthenga kwa anthu apamtima.

Nachisale wa ku Matawale: Kameneko ndiye ndikakasiya m'minibasi. Ndikanena "ndimakukondani" ndione nkhope yawo. Amayi aimba kale kawiri m'mawa uno kufunsa ngati mpongozi wayankha, ndipo akuti ndipite ndi foni yodzaza moto chifukwa ali ndi mawu ena oti ajambulire asewere awo. Aphunzitsi musazimitse deta mawa madzulo.